Msonkhano waukulu wa SACCO: amalondera ndalama za wamalonda ndani?

Wamalonda aliyense amadziwa mtengo wa tsiku limodzi. Kutseka benchi Loweruka, pamene msika wadzaza, ndi kutaya phindu limene likanagula ndiwo za masiku angapo. N'chifukwa chake uthenga woitanira ku msonkhano waukulu wa pachaka wa SACCO ukafika pafoni, mavenda ambiri amangouwerenga n'kupitiriza kuyala katundu. Amati adzamva kwa anzawo kuti phindu la masheya lagwa pa zingati chaka chino.

Komatu munthu yemweyo sangasiye thumba la mpamba wake m'manja mwa mnyamata wa pa benchi chaka chathunthu osawerengera. Ku SACCO kumakhala ndalama zoposa za m'thumba lija: masheya, zosunga za mwezi ndi mwezi, ndiponso mwayi wa ngongole yokaodera katundu nyengo ya malonda ikafika. Ndalama zimenezi zimatetezeka ngati magulu atatu akugwira ntchito zawo mosalowererana. Mamembala amasankha ndi kuvomereza, bodi imatsogolera, ndipo komiti yoyang'anira imafufuza. Gulu limodzi likagona, kapena awiri akayamba kudyera mbale imodzi, vuto limayamba mwakachetechete, ndipo membala amadzalizindikira tsiku limene wauzidwa kuti ngongole yake idikire kaye chifukwa ndalama kulibe.

Mwini SACCO ndi membala

SACCO imasiyana ndi banki pa mfundo imodzi yaikulu. Ku banki wosunga ndalama ndi kasitomala chabe, eni ake ndi ena. Ku SACCO wosunga, wobwereka ndi mwini wake ndi munthu mmodzi yemweyo. Amene wagula masheya wagula gawo la bungwelo, choncho likapindula amagawana nawo, likaluza masheya ake ndiwo amayamba kukhudzidwa.

Imasiyananso ndi banki m'khonde. Pa banki m'khonde anthu amakhala ochepa, amadziwana, ndipo ndalama zimawerengedwa pa mphasa aliyense akuona. SACCO ya anthu mazana kapena masauzande singachite zimenezo. Maso a gulu aja amalowedwa m'malo ndi malamulo olembedwa, mavoti ndi malipoti. Kuno ku Malawi ma SACCO ali ndi lamulo lawolawo la makopaletivu a zachuma la m'chaka cha 2011, ndipo amene amawapatsa chilolezo ndi kuwayang'anira ndi mkulu woyang'anira mabungwe a zachuma, yemwe ndi gavanala wa banki yaikulu ya dziko lino. Alinso ndi bungwe lowasonkhanitsa la MUSCCO, limene linakhazikitsidwa mu 1980. Koma onsewa ali kutali ndi kauntala. Mlonda woyamba ndi membala mwini.

Mphamvu ya membala ili pa voti, ndipo lamulo lake ndi lakuti munthu mmodzi, voti imodzi. Mfundoyi ndi yakale. Imadziwika kuchokera kwa anthu a m'tauni ya Rochdale ku Mangalande amene anatsegula sitolo yawo ya kopaletivu mu 1844. Tanthauzo lake pamsika ndi ili: mwini holoselo amene ali ndi masheya a K3 miliyoni ndi mayi wogulitsa tomato amene ali ndi masheya a K100,000 amakweza dzanja limodzilimodzi. Phindu amalandira mosiyana malinga ndi masheya awo, koma pa chisankho ndi ofanana. Pa kampani zinthu sizitero. Kumeneko wa masheya ambiri ndiye amakhala ndi mawu ambiri.

Pali zinthu zimene bodi singamalize payokha popanda msonkhano waukulu. Mamembala ndiwo amasankha a bodi ndi a komiti yoyang'anira. Ndiwo amalandira kapena kukana malipoti a zachuma a chaka chatha, amavomereza kagawidwe ka phindu, ndiponso kusintha kulikonse kwa malamulo a bungwelo. M'ma SACCO ambiri msonkhano womwewo umavomereza bajeti, malipiro a mikumano ya a bodi, ndi kampani ya akauntanti ochokera kunja imene idzaunike mabuku. Pa phindu la masheya malamulo a ma SACCO ambiri amalola mamembala kutsitsa zimene bodi yapempha koma osati kukweza, kuti chisangalalo cha tsiku limodzi chisadye mpamba wa bungwe.

Chimene mavenda ambiri sadziwa ndi nkhani ya chiwerengero chofunika kuti msonkhano ukhale wovomerezeka. Malamulo a SACCO iliyonse amatchula kuti pakhale anthu angati, ndipo kawirikawiri chiwerengerocho chimakhala chochepa poyerekeza ndi mamembala onse. Chikangokwana, zimene agwirizana obwerawo zimamanga aliyense, ngakhale amene anatsala pa benchi. Munthu amene akufuna mpando safunika kukopa mamembala onse. Akungofunika kudzaza minibasi ziwiri ndi anzake pa tsiku limene ena onse ali kumsika. M'ma SACCO akuluakulu okhala ndi nthambi zambiri, mamembala amasankha nthumwi zokawavotera. Kumeneko msonkhano wofunika kwambiri kwa wamalonda ndi wa panthambi, wosankha nthumwizo.

Ntchito ya bodi ndi malire ake

A bodi ndi mamembala anzawo a ovota, osati olembedwa ntchito. Amasankhidwa kwa zaka zowerengeka zimene malamulo a SACCO amatchula, ndipo nthawi zambiri satuluka onse pamodzi, kuti atsopano apeze ena odziwa kale ntchito. Ntchito yawo yaikulu ili patatu.

Yoyamba ndi kukhazikitsa ndondomeko. Bodi ndiyo imalemba kuti munthu angabwereke kuwirikiza kangati ndalama zimene wasunga, chiwongoladzanja chikhale chotani, ngongole yaikulu kwambiri kwa munthu mmodzi ilekeze pati, chikole ndi mboni zikhale zotani, ndiponso achite chiyani ndi munthu amene wasiya kubweza. Zonsezi ziyenera kukhala papepala, kuti kalaliki wa pakauntala asamasinthe mawu malinga ndi nkhope ya wobwera.

Yachiwiri ndi kulemba ntchito manijala ndi kumuyang'anira. Mwezi uliwonse, kapena monga malamulo awo anenera, bodi imakumana n'kulandira lipoti: zalowa zingati, zatuluka zingati, ngongole zochedwa zafika pati, kubanki kwatsala zingati. Manijala akalephera, bodi ndiyo imamudzudzula kapena kumuchotsa. Yachitatu ndi kuyankha kwa mamembala ndi kwa oyang'anira a boma, popereka malipoti oona pa nthawi yake.

Malire a bodi ndi ofunika mofanana ndi ntchito zake. Wa bodi sagwira makiyi a bokosi la ndalama, salemba malisiti, ndipo sauza kalaliki kuti uyu mupatseni ngongole lero. Mphamvu ya bodi ili pa mkumano, pamene onse akhala pansi n'kulemba zimene agwirizana. Wapampando akakhala yekha pakauntala ndi membala wamba. Akayamba kukhala mu ofesi tsiku ndi tsiku n'kumalamula antchito, pamakhala palibenso woyang'anira manijala, chifukwa woyang'anirayo wasanduka mnzake wa ntchito.

Malo amene bodi imaterereka kawirikawiri ndi ngongole za iwo eni. Wa bodi ali ndi ufulu wobwereka monga membala aliyense, koma pa chiwongoladzanja chomwecho, malire omwewo ndi chikole chomwecho. Pokambirana pempho lake, kapena la mkazi wake, mchimwene wake kapena mnzake wa pa geni, ayenera kunena poyera kuti nkhaniyo ikumukhudza n'kutuluka m'chipindamo, ndipo zolemba za mkumano zionetse kuti anatuluka. Zikapanda kutero pamabadwa khoswe wa pamkhate: wangongole amene manijala sangamulondole, chifukwa ndi yemweyo amene amasaina kalata yake ya ntchito.

Komiti yoyang'anira: diso la mamembala

Gulu lachitatu ndi laling'ono, nthawi zambiri anthu atatu, ndipo pa chisankho ndi limene anthu amalipeputsa. Amavota mothamanga, dzuwa litapendeka, ena atayamba kale kufola pa chakudya. Chikhalirecho komiti imeneyi ndiyo yokhayo m'kati mwa SACCO imene ili ndi ufulu wotsegula buku lililonse popanda kupempha chilolezo kwa wapampando.

Mphamvu yake imachokera pa mfundo yakuti imasankhidwa ndi mamembala ndipo imayankha kwa mamembala. Si nthambi ya bodi. Munthu sangakhale m'bodi ndi m'komitiyi nthawi imodzi, ndipo wantchito wa SACCO sangakhalemo. Komiti sipereka ngongole, silemba anthu ntchito, siika chiwongoladzanja. Ikangoyamba kupanga nawo ziganizo zotere, mawa idzakhala ikufufuza ntchito ya manja ake omwe. SACCO yaikulu imalembanso wantchito wodziwa za mabuku wofufuza tsiku ndi tsiku. Ameneyu lipoti lake liyenera kupita ku komiti, osati kukathera pa desiki ya manijala amene akumufufuzayo.

Zimene komiti imachita si zachilendo kwa munthu wa geni. Choyamba ndi kuwerenga ndalama modzidzimutsa. A komiti amafika m'mawa osanena, kauntala isanatsegulidwe, n'kuwerenga ndalama za m'bokosi pamaso pa wozisunga, kenako n'kuyerekeza ndi zimene buku likunena kuti zinatsala dzulo. Onse amasaina pepala la zimene apeza. Akapeza kapepala kakuti wakutiwakuti watenga adzabweza, imeneyo si ndalama, ndi kuperewera. Kuwerenga kumene wosunga ndalama wauzidwiratu tsiku n'kopanda ntchito, chifukwa dzenje limakwiriridwa usiku ndi ndalama zobwereka.

Chachiwiri ndi kuyerekeza mabuku a SACCO ndi sitetimenti ya kubanki, komanso ya ndalama zolowa kudzera pafoni. Sitetimentiyo a komiti aione yochokera kubanki kwenikweni, osati yojambulidwa ndi munthu wa mu ofesi. Chachitatu ndi kufunsa mamembala eni ake. Komiti imatola mayina mwachisawawa, kuphatikizapo a anthu amene mabuku awo akhala nthawi osagwedezeka, n'kuwafunsa kuti malisiti ndi kabuku kawo zikuonetsa zingati. Umu ndi mmene zimagwidwira ndalama zimene kalaliki analandira osalemba, ndiponso ngongole zotengedwa m'dzina la munthu amene sakudziwa n'komwe. Chachinayi ndi kutsegula mafailo a ngongole, makamaka zikuluzikulu ndi za a bodi ndi antchito, kuona ngati ndondomeko inatsatidwa.

Akauntanti ochokera kunja salowa m'malo mwa komitiyi. Iwo amabwera kamodzi pachaka, amaona gawo chabe la mapepala, ndipo sadziwa anthu. Pepala likakhala losainidwa bwino amatha kulidutsa. Wa komiti amene amagulitsa mumsika womwewo amadziwa kuti okala ya wangongole uja inatsekedwa kalekale.

Chitsanzo: phindu la K20 pa K100 iliyonse

Nachi chitsanzo chongoyerekeza, cha SACCO ya amalonda yokhala ndi mamembala 900. Masheya awo onse pamodzi ndi K60 miliyoni, ndipo ngongole zimene zili m'manja mwa anthu ndi K200 miliyoni. Chaka chitatha, bodi ikulengeza kuti patsala phindu la K15 miliyoni. Malamulo a SACCO imeneyi amati K20 pa K100 iliyonse ya phindu isungidwe ngati nkhokwe ya bungwe, choncho K3 miliyoni ikupita kumeneko, ndipo K12 miliyoni igawidwe. Pa masheya a K60 miliyoni, zimenezi zikutanthauza K20 pa K100 iliyonse. Mayi wa tomato uja, wa masheya a K100,000, akuyembekeza K20,000. Lipoti likunenanso kuti ngongole zochedwa ndi K8 miliyoni zokha, kapena kuti K4 pa K100 iliyonse yobwereketsedwa. Chiwerengero chimenechi n'chokongola, chifukwa muyezo wa bungwe la ma SACCO a padziko lonse la WOCCU umati ngongole zochedwa zisapose K5 pa K100.

Akauntanti akunja atamaliza ntchito yawo, a komiti yoyang'anira akutenga mndandanda wa ngongole zonse zimene zinaperekedwa mu Disembala, mwezi wotseka mabuku. Cholinga chawo n'chophweka: ngongole iliyonse yatsopano iyenera kukhala ndi ndalama imene inatuluka, kaya kubanki, kaya pakauntala, kaya pafoni. Akuyerekeza mzere ndi mzere. Ngongole khumi, zokwana K20 miliyoni, zilibe ndalama iliyonse imene inatuluka.

Akutsegula mabuku a anthu khumiwo. Aliyense anali ndi ngongole yakale imene buku likuti inabwezedwa yonse pa tsiku lomwelo limene yatsopano inalembedwa, koma palibe lisiti yoonetsa kuti ndalama inalowa. Asanafike pa tsikulo, anthuwo anali atakhala miyezi isanu mpaka isanu ndi iwiri osabweza kanthu. Apa nkhani yaoneka: palibe anabweza, palibe anabwereka. Ngongole zodwala zinangovekedwa malaya atsopano kuti pa 31 Disembala zioneke ngati zangoyamba kumene.

Kukonzanso ngongole si mlandu pakokha. Wamalonda amene katundu wake wapsa mumsika angathe kupempha kuti nthawi yobwezera italikitsidwe. Koma pamafunika pempho lolembedwa, chifukwa chomveka, chivomerezo cha komiti ya ngongole, ndipo ngongoleyo imapitiriza kuonedwa ngati yokayikitsa mpaka mwini wake ataonetsa kuti wayambiranso kubweza. M'mafailo khumi aja mulibe pempho ngakhale limodzi. Zolemba za mikumano ya bodi sizikutchulapo kanthu. Ndipo mayina asanu ndi limodzi mwa khumiwo ndi a anthu a m'bodi kapena abale awo.

Tsopano masamu asintha. Ngongole zochedwa si K8 miliyoni koma K28 miliyoni, kapena kuti K14 pa K100 iliyonse. Ngongole ikachedwa, SACCO imayenera kupatula ndalama kuchokera pa phindu zoti zidzatseke dzenje ngati ngongoleyo itafera. SACCO ya m'chitsanzochi imatsata muyezo wa WOCCU: K35 pa K100 pa ngongole imene yachedwa kuyambira mwezi umodzi mpaka miyezi 12, ndi ndalama yonse ikapitirira miyezi 12. Pa K20 miliyoni yobisika ija ayenera kupatula K7 miliyoni. Phindu lenileni latsika kuchoka pa K15 miliyoni kufika pa K8 miliyoni. Akachotsa K1.6 miliyoni ya nkhokwe, patsala K6.4 miliyoni, yokwanira kugawa K10 pa K100 iliyonse. Mayi wa tomato alandira K10,000 m'malo mwa K20,000.

Komiti ikulembera bodi kalata yofotokoza zonsezi n'kupempha yankho. Bodi ikuyankha kuti mabuku anatsekedwa kale ndipo nkhaniyo idzaonedwa chaka chamawa. Apa m'pamene kudziimira kwa komiti kumagwira ntchito. Ikanakhala pansi pa bodi, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ili ndi malo akeake pa ndondomeko ya msonkhano waukulu, ndipo lipoti lake limawerengedwa ndi wapampando wake, osati wa bodi. Ikudziwitsanso akauntanti akunja aja, ndipo njira yokadziwitsa oyang'anira a ku banki yaikulu ndi yotseguka ngati zinthu sizikonzedwa.

Pa tsiku la msonkhano pabwera anthu 140 mwa 900 aja. Lipoti la komiti litawerengedwa, m'holo mukumveka phokoso, ndipo ambiri sakukwiyira a bodi ayi, akukwiyira komiti imene yawadulira phindu pakati. Bambo wina wogulitsa zitsulo akuima n'kunena kuti, "Wapampando, ife tinawerengera kale ndalama imeneyi. Tipatseni K20 yathuyo, za angongolezo muthane nazo nokha." Mayi wina wa kaunjika akumuyankha: "Achimwene, K20 imeneyo ichokera kuti poti anthu sanabweze? Ndi ndalama zathu zomwe tinasunga zimene atipatse, ife n'kumaomba m'manja."

Mayiyo wagunda pamene pali nkhani. Kugawa K12 miliyoni pamene zoyenera kugawidwa ndi K6.4 miliyoni ndi kutapa K5.6 miliyoni pa chuma cha bungwe. Amene angapindule kwambiri ndi a masheya ambiri: wa masheya a K3 miliyoni angatenge K600,000 m'malo mwa K300,000. Ndipo anthu khumi aja akapitirizabe osabweza mpaka kudutsa miyezi 12, K13 miliyoni yotsala idzafunika kupatulidwa chaka chotsatira. Ndalama zimene zili kwa anthu khumiwo zikanakwana ngongole za K500,000 kwa amalonda 40. Amenewo ndiwo adzauzidwe kuti adikire pamene anzawo akukaoda katundu wa Khirisimasi.

Msonkhano ukuvota pa mfundo zitatu: malipoti a zachuma abwezedwe kwa akauntanti kuti akonzedwe, phindu lisapose K10 pa K100, ndipo a bodi amene ali ndi ngongole zochedwa atule pansi maudindo monga malamulo a SACCO yawo amanenera. Mfundo ziwiri zoyamba zikudutsa pokweza manja, anthu 82 kuvomera, 51 kukana, 7 osavota. Yachitatu, poti ikukhudza anthu amene akhala kutsogolo akuyang'ana, ikuvoteredwa mwachinsinsi papepala, ndipo owerenga mavoti akusankhidwa pakati pa mamembala amene sakupikisana pa mpando uliwonse. Kusiyana kwa mavoti 31 ndiko kwateteza ndalama za anthu 900. Anthu 16 okha mwa ovomera aja akanatembenuka, phindu labodza likanagawidwa.

Mmene membala angadziwire kuti zinthu zapotoka

Wamalonda safunika kukhala akauntanti kuti aone utsi. Chizindikiro choyamba ndi msonkhano waukulu umene ukungosunthidwa, kapena malipoti a zachuma amene akuperekedwa pakhomo la holo m'malo moti anthu awalandire masiku angapo msonkhano usanachitike. Chachiwiri ndi lipoti la komiti yoyang'anira la mizere itatu yothokoza bodi, losatchula kuti anawerenga ndalama kangati, anaona mafailo angati, anafunsa mamembala angati. Komiti imene yagwira ntchito imabwera ndi manambala ndi madeti, ndipo imanena zimene inapeza chaka chatha zomwe sizinakonzedwebe.

Chachitatu ndi kusagwirizana kwa zolankhula ndi zochitika pakauntala. Ngati lipoti likuti phindu lakwera koma ngongole imene kale inkatuluka pa sabata imodzi tsopano ikutenga miyezi iwiri, kapena kutapa ndalama zosunga kwayamba kuvuta, ndiye kuti phindulo lili papepala pokha. Chachinayi ndi nkhope zomwezo kutsogolo chaka ndi chaka kupyola malire a m'malamulo, kapena wa komiti yoyang'anira amene ndi mlamu wa manijala.

Pamsonkhano, mafunso anayi amakwana kutsegula nkhani. Ngongole zochedwa ndi zingati pa K100 iliyonse, ndipo chaka chatha zinali zingati? Ndi ngongole zingati zimene zinakonzedwanso kapena kutalikitsidwa m'miyezi itatu yomaliza ya chaka? A bodi, a makomiti ndi antchito onse pamodzi ali ndi ngongole ya ndalama zingati, ndipo mwa imeneyo yochedwa ndi ingati? Kodi akauntanti akunja analemba kalata ya zofooka zimene anapeza, ndipo bodi yachitapo chiyani? Funso lachitatu silifuna mayina a anthu. Chiwerengero chokha n'chokwanira, choncho wapampando sangabisale kumbuyo kwa mawu akuti ngongole ndi chinsinsi. Wofunsa apemphe kuti funso ndi yankho zilembedwe m'zolemba za msonkhano, kuti chaka chamawa padzakhale pogwira.

Ngati nkhani ndi yosayembekeza chaka, malamulo a SACCO amakhala ndi njira yoitanitsira msonkhano wapadera, kudzera ku komiti yoyang'anira kapena mamembala okwana chiwerengero chotchulidwa akasaina pempho. Chiwerengerocho chimasiyana SACCO ndi SACCO, n'chifukwa chake membala aliyense ayenera kupempha kope la malamulowo ku ofesi n'kulisunga pamodzi ndi kabuku kake. Asungenso lisiti iliyonse ndi uthenga uliwonse wa pafoni wotsimikiza kuti ndalama yalowa, chifukwa tsiku limene a komiti adzafike pa benchi yake kudzafunsa, umboni wake ndi umenewo.

Amalonda a mzere umodzi angathe kugawana: awiri atsale akuyang'anira mabenchi a anzawo, ena apite kumsonkhano, chaka chinacho asinthane. Opitawo akhale mpaka chisankho cha komiti yoyang'anira chitatha, ndipo asankhe munthu wodziwa kuwerengera, wopanda ngongole yochedwa, amene si m'bale wa aliyense wa m'bodi kapena mu ofesi.